Saluni ya m'chikwama ku Salima: mtengo wa ulendo ndi chitetezo cha woluka

Woluka tsitsi amene alibe ndalama ya lendi ya shopu angathe kuyamba bizinesi ndi chikwama chimodzi: zipeso, sizasi, singano ndi ulusi wosokera wivu, mafuta a m'mutu, shampu, mathawulo awiri ndi kagalasi. M'malo modikira makasitomala pakhonde la shopu, iye amawatsatira kunyumba kwawo. Ku Salima ntchito yotere ili ndi msika. Amayi a makanda savutika kutuluka, akwati ndi operekeza amafuna kukonzedwa kunyumba m'mawa wa tsiku la ukwati, alendo ogona m'maloji a ku Senga Bay sadziwa komwe kuli saluni, ndipo amayi ambiri achisilamu a m'mbali mwa nyanja amakonda kuvula mpango ndi kulukitsa tsitsi ali m'nyumba mwawo, osati pamalo odutsa aliyense.

Koma wothawa lendi ya shopu amakumana ndi lendi ina, yomwe ndi ya msewu. Lendi ya shopu imalipidwa kamodzi pa mwezi ndipo imaoneka. Ya msewu imatuluka pang'onopang'ono, kwa kondakitala ndi kwa wakabaza, ndipo woluka ambiri amazindikira mochedwa kuti akugwirira ntchito eni magalimoto. Zinthu ziwiri ndi zimene zimapangitsa kuti bizinesiyi ikhalitse kapena igwe: kudziwa kuwerengera mtengo wa ulendo, ndi kudziwa kubwerera kunyumba bwinobwino.

Salima ndi wotalikirana

Ku Lilongwe kapena ku Blantyre woluka angathe kupeza makasitomala khumi m'dera limodzi loyenda wapansi. Ku Salima makasitomala a ndalama ali patalipatali. Kuchokera pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Chipoka ali kummwera pa msewu wa M5, pafupifupi makilomita 30 kuchokera pa boma. Kumpoto, msewu womwewo umadutsa pa Khombedza polowera ku Nkhotakota. Lifuwu ali chakumpoto kwa Senga Bay, ndipo wopita kumeneko amasiya msewu waukulu. Ngakhale ku Senga Bay komweko, galimoto imatsitsa munthu pamsewu wa tala, pamene nyumba ndi maloji ambiri zili mkati, kunjira za mchenga zolowera kunyanja.

Choncho ulendo umodzi umakhala ndi zigawo zinayi zolipira: galimoto popita, kabaza kuchoka pa siteji kukafika pakhomo, kabaza pobwerera ku siteji, ndi galimoto pobwera. Woyamba kumene nthawi zambiri amangowerengera galimoto yopita ndi yobwera, n'kuiwala makabaza awiriwo. Amaiwalanso mayunitsi oimbira foni pofunsa njira, ndi kandalama kamene ejenti amadula potapa ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Njira yapafupi ndi yogawa dera lonse m'magawo atatu, gawo lililonse ndi mtengo wake wa ulendo. Gawo loyamba ndi kumene woluka amafikako wapansi kapena pa kabaza wa njinga yakapalasa, monga kuzungulira pa boma ndi Kamuzu Road. Gawo lachiwiri ndi kumene kumafunika galimoto ndi kabaza, monga ku Senga Bay. Gawo lachitatu ndi kutali kapena kovuta msewu, monga Chipoka, Lifuwu ndi Khombedza, kumene ulendo umatha tsiku lonse. Mitengo itatuyi ilembedwe m'kope ndipo kasitomala auzidwe mtengo wa ntchito padera, wa ulendo padera. Ubwino wolekanitsa ndi wakuti bungwe la MERA likakweza mtengo wa mafuta, kapena mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni n'kukwera mtengo wa galimoto, woluka amangosintha mtengo wa ulendo. Kasitomala sakana zimenezi chifukwa naye amakwera galimoto zomwezo. Amene anaphatikiza zonse m'mtengo umodzi amaoneka ngati wangokweza mtengo wolukira popanda chifukwa. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, akukumbukira mmene mitengo ya galimoto ndi ya meshi inasinthira m'masiku ochepa.

Kuwerengera ulendo wa ku Senga Bay

Nachi chitsanzo cha woluka wokhala pa Kamuzu Road amene waitanidwa ku Senga Bay kukaluka meshi. Manambalawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengeredwe, ndipo aliyense aikepo mitengo ya sabata imeneyo.

Ntchito yolukayo imatenga maola asanu ndi limodzi ndipo mtengo wake ndi K18,000, meshi atagula mwini mutu. Tizinthu timene woluka amagwiritsa ntchito, monga mafuta, jelo ndi shampu, tikwana K1,500. Kasitomala akabwera yekha kunyumba kwa woluka, woluka amatsala ndi K16,500 pa maola asanu ndi limodzi, kutanthauza K2,750 pa ola.

Tsopano woluka ndiye akupita. Galimoto ndi K3,000 popita ndi K3,000 pobwera. Kabaza ndi K1,000 popita ndi K1,000 pobwera. Mayunitsi ndi K500. Ulendo wonse wakwana K8,500. Kudikira kuti galimoto idzaze, kuyenda ndi kufunsa njira kumatha ola limodzi popita ndi lina pobwera. Woluka akalipiritsa K18,000 yomwe ija, pochotsa K8,500 ya ulendo ndi K1,500 ya zipangizo amatsala ndi K8,000. Tsiku lake latha maola asanu ndi atatu, ndiye kuti wapeza K1,000 pa ola. Ntchito ndi yomweyo, msana wapweteka chimodzimodzi, koma phindu la pa ola latsika kuchoka pa K2,750 kufika pa K1,000. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa madzulo m'chikwama mumakhala muli ndalama ndithu, ndipo zimaoneka ngati zinthu zikuyenda.

Mtengo woyenera uli ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi ntchito, K18,000. Chachiwiri ndi ulendo, K8,500. Chachitatu ndi nthawi ya pamsewu, imene woluka sangalukemo mutu wina. Nthawi imeneyi ingawerengedwe pa theka la mtengo wa ola la ntchito. Ola la ntchito pano ndi K3,000, theka lake ndi K1,500, ndipo maola awiri akwana K3,000. Zonse pamodzi ndi K29,500. Pochotsa K10,000 ya ulendo ndi zipangizo, woluka atsala ndi K19,500, imene ndi pafupifupi K2,400 pa ola.

Kasitomala akamva K29,500 angathe kudandaula kuti zadula. Yankho lili m'manambala omwewo. Akanati abwere yekha pa boma, akanalipira K18,000 yolukira ndi K8,000 ya galimoto ndi kabaza, zonse K26,000. Kusiyana kwake ndi K3,500 yokha, ndipo pa ndalama imeneyi wapulumutsa maola awiri a pamsewu, sanasiye mwana ndi mnzake woyandikana naye nyumba, ndiponso sanatseke okala yake. Woluka amene angafotokoze zimenezi modekha sakhala ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Angonena kuti, "Amayi, kuluka ndi mtengo womwe uja wa masiku onse. Inayi ndi ya galimoto imene inuyo mukanalipira pobwera kwathu."

Ulendo umodzi, mitu itatu

Komabe si makasitomala ambiri angakwanitse kulipira K11,500 ya ulendo ndi nthawi paokha. Phindu lenileni la saluni yoyenda limabwera pamene ulendo umodzi wagawidwa pa anthu angapo. Ichi ndi chifukwa chake woluka wochenjera amasankha masiku: mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu ku Senga Bay, Lachinayi kumbali ya Chipoka, masiku enawo pa boma. Makasitomala akazolowera, amadzikonzekeretsa okha ndipo amaitanizana.

Pa chitsanzo chomwe chija, tsiku lina woluka ali ndi anthu atatu ku Senga Bay. Woyamba akufuna kusokedwa wivu, K12,000, maola awiri ndi theka. Wachiwiri akufuna kutsukidwa m'mutu ndi kulukidwa mizere, K8,000, maola awiri. Wachitatu akufuna kukonzedwa zikhadabo, K6,000, ola limodzi. Ntchito zonse zakwana K26,000 pa maola asanu ndi theka. Pa ulendo pawonjezeka makabaza awiri ochoka nyumba ina kupita ina, K2,000, ndiye ulendo wakwana K10,500. Kuphatikizapo K3,000 ya nthawi ya pamsewu, ndi K13,500. Pogawa patatu, aliyense awonjezera K4,500 yokha m'malo mwa K11,500.

Woluka walandira K39,500. Pochotsa K10,500 ya ulendo ndi K3,000 ya zipangizo watsala ndi K26,000. Tsiku latha maola asanu ndi atatu monga kale, kuphatikizapo theka la ola losamukira nyumba ndi nyumba, koma tsopano wapeza K3,250 pa ola, kuposa zimene akanapeza atakhala pakhomo. Kasitomala walipira zochepa, woluka wapeza zambiri, ndipo amene wachepekedwa ndi msewu wokha. Atatuwo akavomera kukumana pa nyumba imodzi, makabaza awiri aja amapulumukanso.

Pali muyeso wosavuta wodziwira ngati ulendo ukupindulitsa. Ndalama ya ulendo ikapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zolandira tsiku limenelo, ulendowo ndi wotaya nthawi. Pa K18,000 ija, K8,500 inali pafupifupi theka. Pa tsiku la mitu itatu, K10,500 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a K39,500. Woluka amene amalemba m'kope mizere itatu tsiku lililonse, zolandira, za ulendo ndi maola, amadziwa pakutha pa mwezi dera limene likumudyera mpamba.

Chikole chisanachitike chilichonse

Dongosolo la mitu itatu lili ndi poterera pake: mmodzi akasintha maganizo woluka ali kale m'galimoto. Ngati wa wivu uja wazimitsa foni, woluka alandira K14,000 ya ntchito ziwiri ndi K9,000 ya ulendo, zonse K23,000. Ulendo watsika pang'ono kufika K9,500 chifukwa kabaza mmodzi wachepa, zipangizo K2,000, ndipo watsala ndi K11,500 m'malo mwa K26,000.

Mankhwala ake ndi chikole. Kasitomala aliyense wa gawo lachiwiri ndi lachitatu atumize ndalama ya ulendo dzulo lake pa foni, ndipo auzidwiretu kuti akalepheretsa m'mawa wa tsikulo ndalamayo sibwezedwa. Pa chitsanzochi K4,500 ya wolepheretsayo ikweza zotsala kufika K16,000. Chikole sichibwezeretsa zonse, koma chimachepetsa olepheretsa, chifukwa munthu amene walipirako kale sazimitsa foni mwachisawawa.

Chikole chilinso ndi ntchito yachiwiri imene ambiri saiganizira. Potumiza ndalama pa foni, uthenga umaonetsa dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Ngati woitanayo anadzitchula dzina lina koma uthenga ukuonetsa dzina la munthu wina, woluka ali ndi chifukwa chofunsira mafunso asananyamuke. Ndipo uthenga wokha si umboni wakuti ndalama yalowa. Akuba amatha kulemba uthenga wofanana ndi wa kampani ya foni, kenako n'kuimba kuti atumiza molakwitsa ndipo abwezeredwe. Woluka aziona yekha ndalama zotsala mu akaunti yake asanakhulupirire uthenga uliwonse.

Kuwerengera nthawi chobwerera m'mbuyo

Ngozi zambiri za woluka woyenda zimayamba ndi chinthu chimodzi: ntchito yatha mochedwa. Dzuwa likalowa, magalimoto a pa msewu wa Senga Bay amachepa, wakabaza amakweza mtengo, ndipo mkazi amene ali yekha pa siteji ndi chikwama, foni ndi ndalama za tsiku lonse amakakamizika kukwera chilichonse chimene chaima. Ku Salima dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 m'mwezi wa Juni, ndipo cha m'ma 6 koloko kupitirirako pang'ono mu Disembala ndi Januwale. Mdima umagwa msanga likangolowa.

Choncho nthawi iwerengedwe kuyambira kumapeto. Woluka amene akufuna kufika pa Kamuzu Road kukadali kowala mu Juni ayenera kuchoka pakhomo la kasitomala pofika 4 koloko. Ntchito ya maola asanu ndi limodzi pakhomo la munthu imatha maola asanu ndi awiri, chifukwa mwana amalira, nsima imapsa, ndipo alendo amabwera kudzacheza. Ndiye kuti ntchito iyambe 9 koloko, ndipo woluka achoke kwawo pofika 8 koloko. Kasitomala amene akuti, "Mubwere masana," pa ntchito yotere, auzidwe kuti zitheka tsiku lina.

Chimene chimasokoneza dongosolo kwambiri ndi kupeza kasitomala asanamasule zoluka zakale. Kumasula, kupesa ndi kutsuka kungathe kudya maola awiri. Polandira chikole, woluka anenenso kuti mutu ukhale womasula, wotsuka ndi wouma, ndipo meshi akhale atagulidwa okwanira. Meshi akatha pakati pa mutu ku Lifuwu, mtundu womwewo sungapezeke pafupi. Ngati nthawi yatha ntchito isanathe, ndi bwino kumanga mpango n'kudzamaliza m'mawa kusiyana ndi kuyenda usiku. Kugona komweko kungatheke pokhapokha ngati banjalo ndi lodziwika bwino ndipo achibale a woluka akudziwa.

Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, imafuna kuwonjezera nthawi ndi ndalama. Dera la m'mbali mwa nyanja ndi lachidikha, madzi amadikha m'njira, ndipo njinga yamoto imaterera m'matope a kumadambo a mpunga. Mtsinje umene unali wouma m'mawa ungathe kudzaza madzulo chifukwa cha mvula yogwa kumtunda. M'miyezi imeneyi gawo lachitatu likhale la makasitomala akale okha, ndipo zipangizo zikulungidwe m'jumbo mkati mwa chikwama.

Kulowa m'nyumba ya munthu wosadziwika

Mu shopu, woluka ali pakhomo pake ndipo anthu akudutsa. Kunyumba kwa kasitomala, chitseko ndi cha mwini. Ndiye malamulo ochepa ayenera kutsatidwa tsiku lililonse, osati pokhapokha pamene mtima wakayika.

Kasitomala watsopano abwere kudzera mwa munthu wodziwika: kasitomala wakale, mnzake wa ku banki mkhonde, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Ngati wangopeza nambala kwina, woluka alankhule pa foni ndi mkazi amene akufuna kulukidwayo, osati ndi mwamuna amene akuti akukonzera mkazi wake kapena mlongo wake. Afunse dzina la mudzi, mfumu ya m'deralo ndi chizindikiro chapafupi monga sukulu, mjigo kapena chigayo. Zizindikiro zoti ulendo ulephereke ndi zodziwika: woitana akukana chikole koma akulonjeza ndalama zambiri, akusinthasintha malo okumanirana, akuumirira nthawi ya madzulo, akufunsa ngati woluka abwera yekha, kapena akupempha zithunzi za woluka m'malo mwa zithunzi za malukidwe.

Asananyamuke, woluka asiyire munthu mmodzi wodalirika dzina la kasitomala, nambala yake, mudzi ndi nthawi yobwerera. Amuimbire pofika, kasitomala akumva, ndi ponyamuka. Agwirizane kuti nthawi ikapitirira ndi ola limodzi, munthuyo aimbe foni. Pa ulendo woyamba, kupita ndi wophunzira ntchito kumathandiza pawiri: ntchito imafulumira ndipo woluka sakhala yekha. Mtengo wa galimoto ya wachiwiriyo uwerengedwenso mu ulendo.

Pofika, woluka apereke moni kwa akuluakulu a pakhomo ndipo apemphe kugwirira ntchito pakhonde kapena pansi pa mtengo. Kuwala kwa panja ndi kwabwino polukira, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala m'nyumba ya malata simukhalika. Ngati kasitomala akufuna pobisika chifukwa chovula mpango, m'chipinda chochezera kapena kuseri kwa mpanda kumene kuli amayi ena n'kokwanira. Ngati pakhomo papezeka mwamuna yekha n'kunena kuti amayi abwera posachedwa, woluka asalowe. Adikire panja kapena pa okala yapafupi, ndipo pakatha mphindi makumi atatu abwerere. Chikole chalipira kale galimoto yake.

Kupewa m'chipinda chogona kumatetezanso mbiri. Foni kapena ndalama zikasowa pakhomo, woyamba kuganiziridwa ndi mlendo. Woluka amene anakhala pakhonde, chikwama chake chili poonekera, sakhala ndi mlandu woyankha. Tsitsi lothothoka ndi zikhadabo zowenga azisonkhanitse n'kupereka kwa mwini wake. Anthu ambiri safuna kuti tsitsi lawo lichoke ndi munthu wina, ndipo mphekesera yotere ikayamba m'mudzi, makasitomala onse a kumeneko amatha.

M'maloji a ku Senga Bay, kumene ntchito imachuluka pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, woluka ayambe wadziwonetsa pofikira alendo, atchule dzina la womuitana, ndipo apemphe malo a pakhonde. Asapite molunjika kuchipinda. Epuloni yolembedwa dzina la bizinesi imathandiza kuti alonda ndi anthu a m'mudzi adziwe chimene wabwerera. Kumalo a asilikali, monga ku MAFCO, azinyamula chiphaso cha unzika ndipo kasitomala akhale wokonzeka kudzamutenga pachipata.

Ndalama zikhale pa foni, ndipo m'manja mukhale za galimoto yobwerera zokha, zosungidwa padera osati m'chikwama cha zipangizo. Wakabaza akhale mmodzi kapena awiri odziwika pa siteji iliyonse, amene nambala zawo zili m'foni, ndipo mtengo ugwirizanidwe asanakwere. Wa njinga yamoto wopanda helemeti ya wokwera, kapena amene akufuna kukweza anthu awiri, asiyidwe. Chikwama chiberekedwe kumsana kuti manja onse agwire. Munthu akagwira woluka mosayenera kapena kumuopseza, nkhaniyo ndi ya kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere. Nambala ya polisi ya 997, nambala yaulere ya 5600 yonenerako nkhanza, ndi nambala ya polisi yapafupi ndi dera logwirako ntchito zikhale zosungidwa m'foni.

Ntchito zimene siziyenda bwino m'chikwama

Chitetezo ndi cha kasitomala yemwe, ndipo woluka akawotcha mutu wa munthu mmodzi ku Senga Bay, mbiri imafika pa boma iye asanafike. Kuluka, kusoka wivu, kukonza wigi, kupaka zikhadabo ndi kuphoda akwati zimayenda bwino chifukwa sizifuna magetsi kapena madzi ambiri. Mankhwala owongolera tsitsi ndi nkhani ina. Ndi amphamvu ngati soda wopangira sopo, ndipo akakhalitsa m'mutu kupitirira nthawi yolembedwa pa botolo amawotcha khungu ndi kudula tsitsi. Chimene chimawaletsa ndi madzi ochuluka otsukira, kenako shampu yapadera yothetsa mphamvu yake. Pakhomo lotunga madzi pa mjigo, woluka asatsegule botolo asanaone ndi maso zidebe ziwiri za malita 20 zodzaza pambali pake. Asapake mankhwalawa m'mutu umene wangomasulidwa kumene, wokandidwa kapena wa zilonda. Kasitomala akanena kuti mukuyabwa kapena kutentha, atsukidwe nthawi yomweyo.

Utoto wakuda wa tsitsi umatupitsa anthu ena nkhope. Kwa kasitomala watsopano, kadontho kapakidwe kuseri kwa khutu masiku awiri ntchito isanachitike, ndipo apa masiku okhazikika aja amathandiza: kuyesa Lachiwiri, kupaka Lachisanu. Mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo amagwira moto msanga, choncho asayandikire mbaula, ndipo asasiyidwe padzuwa. Madzi otentha oviikamo nsonga za meshi aikidwe kutali ndi ana, thawulo litakutidwa pamapewa a kasitomala.

Dulaya ya m'manja imadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi pa theka la ola, ndipo sola yaing'ono ya m'nyumba, yoyatsira mababu ndi kutchaja foni, siyingaikwanitse. Woluka afunsiretu ngati pakhomopo pali magetsi a ESCOM, ndipo akhale ndi njira ina ngati azima.

Zipangizo zochoka nyumba ina kupita ina zimanyamulanso matenda. Chipere chimafala kudzera m'zipeso, ndipo lezala kapena singano imene yakhudza magazi ingapatsire matenda a chiwindi ndi HIV. Lezala ikhale yatsopano pa munthu aliyense, yotsegulidwa iye akuona. Zipeso zitsukidwe ndi sopo, kenako ziviikidwe mphindi khumi m'madzi a Jik, muyeso umodzi wa Jik wamba wa m'sitolo pa miyeso isanu ndi umodzi ya madzi, n'kutsukuluzidwa. Zachitsulo zipukutidwe msanga kuopa dzimbiri. Pa tsiku la mitu itatu nthawi yoviika siipezeka, choncho m'chikwama mukhale timajumbo titatu ta zipeso zoyera ndi jumbo ina yoikamo zogwiritsidwa kale ntchito.

Woyamba kumene sayenera kutenga dera lonse nthawi imodzi. Mwezi woyamba agwire gawo loyamba lokha, kumene ulendo ndi wotchipa ndipo anthu akumudziwa. Akapeza makasitomala atatu odalirika ku Senga Bay, atsegule tsiku limodzi pa sabata la kumeneko. Chipoka, Lifuwu ndi Khombedza zidikire ntchito zazikulu monga ukwati kapena kukonzekera Idi, pamene mitu imakhala yambiri pakhomo limodzi ndipo ndalama ya galimoto yatumizidwa kale.